Dzino 38 lisanazulidwe

Tiyerekeze kuti mayi wina woimba kwaya wafika kuchipatala atagwira tsaya, usiku wonse sanagone. Wophunzira wa chaka chomaliza wayang'ana m'kamwa ndipo wapeza gwero la ululu: dzino lomalizira la m'munsi kumanzere, limene madokotala amalilemba kuti 38. Ekisileyi ikuonetsa kuti mizu yake yayandikira mtsempha wa m'nsagwada umene umachititsa kuti mlomo wam'munsi uzimva kukhudza.

“Ingolichotsani, adokotala,” akutero mayiyo. Koma mawu amenewa pawokha si chilolezo.

Chilolezo chenicheni chimabwera wodwala akamva zomwe zichitike, kuopsa kwake, njira zina zomwe zilipo, ndi zotsatira zake dzinolo likasiyidwa. Mayiyu ayenera kuuzidwa kuti tsaya lingatupe, bala lingapweteke masiku angapo, komanso kuti mtsempha ukakhudzidwa, mlomo kapena lilime zingachite dzanzi. Kwa ambiri dzanzilo limatha pakapita milungu kapena miyezi, koma kwa ochepa silitha. Auzidwenso kuti dokotala wa opaleshoni ya m'kamwa angathe kudula mutu wa dzino wokha n'kusiya mizu pofuna kuteteza mtsemphawo.

Za kwayazo zili ndi ntchito pano. Mu 2015, khoti lalikulu kwambiri ku Britain linagamula mlandu wa Nadine Montgomery, mayi wodwala shuga amene sanauzidwe kuti mapewa a mwana wake angakanirire pobereka. Khotilo linati dokotala azinena chiopsezo chilichonse chimene wodwala amene ali pamaso pakeyo angachione kukhala chachikulu. Dzanzi la lilime ndi nkhani yaikulu kwa woimba, ngakhale kuti limachitika mwa kamodzikamodzi.

Akafotokoza, wophunzira apemphe mayiyo kuti abwereze m'mawu awoawo zimene amva, chifukwa ambiri amangoti “chabwino” polemekeza dokotala. Kenako asaine kapena adinde chala pamaso pa mboni, jakisoni wa dzanzi asanabayidwe. Akasintha maganizo ali pampando, ntchito iime.

Tsopano fayilo. Kulemba kuti “dzino lazulidwa, wodwala anavomera” n'kuperewera. Palembedwe tsiku, nambala ya dzino, matenda ena ndi mankhwala amene mayiyo akumwa, zimene ekisileyi yaonetsa, zoopsa zimene zatchulidwa, ndi njira imene wasankha. Paonekenso dzina la mankhwala a dzanzi ndi kuchuluka kwake, ngati muzu unathyoka, malangizo a kunyumba, dzina la wophunzira ndi saini ya womuyang'anira.

Nambala yokha ingapweteketse munthu: 38 ndi kumanzere kwa wodwala, 48 ndi kumanja. Ikalakwika, mudutse mzere umodzi kuti cholakwacho chiziwerengekabe, kenako palembedwe yolondola, tsiku ndi saini. Kufufuta kumaoneka ngati kubisa.

Mayiyo akadzadandaula ku Medical Council of Malawi patapita chaka kuti sanachenjezedwe za dzanzi, wophunzirayo adzakhala ataona odwala ambirimbiri ndipo nkhope yawo adzakhala ataiiwala. Ofufuza adzayamba ndi zimene zinalembedwa m'fayilo tsiku limenelo.