Wotchi sidziwa ngati ntchito yatheka

Tiyerekeze sitolo yaikulu yomwe kompyuta yake imagwira ntchito zitatu usiku, anthu ali m'tulo. Imakopera kaundula wa malonda, imatumiza kopeyo ku kompyuta ina yosungira, kenako imafufuta makope amene apitirira masiku 7 kuti malo asadzaze. Woyang'anira makina wauza `cron`, pulogalamu yoyambitsa ntchito pa nthawi yoikika, kuti yoyamba iziyamba 1 koloko, yachiwiri 2 koloko, yachitatu 3 koloko.

Zikuoneka zadongosolo, koma `cron` imangoyang'ana wotchi basi. Sifunsa ngati ntchito yam'mbuyo yatha. Kaundula akakula mpaka kukopera kumatenga mphindi 70, ntchito yachiwiri idzatumiza kope yosatha. Choopsa kwambiri ndi ntchito yofufuta ija. Kukopera kukamalephera usiku uliwonse, iyo imafufutabe mokhulupirika, ndipo pakangotha sabata, kope yabwino sipatsala ngakhale imodzi.

Mankhwala ake ndi kulumikiza ntchitozo ngati unyolo. Pulogalamu iliyonse ikamaliza imasiya nambala: 0 ndiye kuti zayenda bwino, nambala ina iliyonse ndiye kuti zavuta. Chizindikiro cha `&&` chimalola ntchito yotsatira kuyamba pokhapokha yam'mbuyo itasiya 0.

```
0 1 * * * ./kopera.sh && ./tumiza.sh && ./fufuta.sh || ./chenjeza.sh
```

Tsopano wotchi ikungodzutsa ntchito yoyamba yokha. Kukopera kukakanika, kutumiza ndi kufufuta sikuyamba n'komwe, ndipo `||` imaitana `chenjeza.sh` kuti idziwitse munthu. Chenjezoli musalinyozere, pakuti unyolo woima mwakachetechete ungagone mwezi wathunthu popanda wodziwa.

Komabe unyolo umadalira kuti ntchito iliyonse inene zoona, ndipo apa m'pamene ambiri amapunthwa. Taonani mzere uwu wa m'kati mwa `kopera.sh`:

```
pg_dump malonda | gzip > kope.gz
```

`pg_dump` imakopera, `gzip` n'kupanikiza zokoperedwazo kuti zichepe. `pg_dump` ikalephera, `gzip` silandira kanthu, koma siona vuto: imapanga kafayilo kopanda kanthu n'kusiya 0. Popeza mzere wotere umatenga nambala ya pulogalamu yomalizira, unyolo wonse umva kuti zili bwino. Kafayilo kachabechabe katumizidwa, makope enieni afufutidwa. Kuti mutseke bowo limeneli, `kopera.sh` iziyendetsedwa ndi `bash`, ndipo pamwamba pake mulembe `set -eo pipefail`, kuti kulephera kwa `pg_dump` kumveke.

Bodzali siligwidwa movuta. Fayilo ya `gzip` yopanda kanthu imakhala ya mabaiti 20 okha, pamene kaundula wa sitolo amafika mamiliyoni. Ine ndimakonda kuti ntchito yofufuta iziyamba yayeza kukula kwa kope yatsopano, ndipo ikapeza kuti yachepa modabwitsa poyerekeza ndi ya dzulo, isakhudze kanthu.

Inu amene mumayang'anira makina otere, mawa m'mawa musanamwe tiyi, kaoneni kukula kwa kope ya usiku uno.