Roketi Yobwerera Chofutata

Pa 21 Disembala 2015, ku Cape Canaveral m'dera la Florida ku America, roketi ya Falcon 9 ya kampani ya SpaceX inanyamuka itasenza masetilaiti 11. Patadutsa mphindi pafupifupi khumi, thunthu lake la m'munsi linatulukira mumdima, moto ukulilima kunsi kwake, n'kuima chilili pa miyendo inayi. Kale thunthu lotere linkangogwera m'nyanja, osaonekanso.

Roketiyi ndi yaitali mamita 70 ndipo ili ndi zigawo ziwiri. Cham'munsi, chomwe tikuchitcha thunthu, chili ndi mainjini 9 otchedwa Merlin, oyaka ndi palafini woyengedwa bwino ndi okosijeni wozizira mpaka kusanduka madzi. Ntchito yake imatha pa mphindi ziwiri ndi theka zokha. Pamenepo chimalekana ndi chinzake chili pamtunda wa makilomita pafupifupi 70, ndipo chigawo chapamwamba chimapitiriza chokha kufikira liwiro la makilomita 28,000 pa ola, lomwe limafunika kuti katundu azizungulira dziko osagwa.

Thunthu lija palibe munthu amene amaliwongolera ali pansi. Zonse amachita ndi makompyuta a m'kati mwake, omwe amadziwa pamene lili kudzera pa GPS ndi zida zoyeza kupendekeka ndi liwiro. Choyamba timipopi topemerera nayitirojeni timalitembenuza kuti mainjini aloze kumene likugwera. Likayandikira mpweya wochindikala, mainjini atatu amayakanso kuti lichepetse liwiro, apo ayi kutentha kungaliwononge. Kenako timapiko tinayi tokhala ngati sefa, ta chitsulo cha titaniyamu, timapendekera uku ndi uku kuliwongolera kokatera.

Povuta penipeni ndi pa masekondi omaliza. Thunthu likatsala pang'ono kutha mafuta limapepuka kwambiri, moti injini imodzi yokha, ngakhale ataichepetsa mphamvu mpaka pomaliza, imakankha kuposa kulemera kwa thunthulo. Choncho silingalendewere m'malere ngati helikoputala kuti liyang'ane bwino potera. Injini ikayaka msanga, liwiro limathera m'mwamba ndipo thunthu limayamba kukweranso; ikachedwa, limadziwombetsa pansi. Liwiro liyenera kutha pa nthawi yomweyo imene miyendo ikukhudza pansi. Mwayi wake ndi umodzi basi, ndipo kompyuta imawerengera mobwerezabwereza, n'kumawonjezera kapena kuchepetsa moto mpaka mapeto.

Asanazolowere, anaswa mathunthu angapo. Mu Januwale 2015 mafuta oyendetsa timapiko tija anatha thunthu lisanafike, ndipo linagunda chombo choterapo chammbali n'kuphulika. Mu Januwale 2016 lina linatera bwinobwino, koma mwendo umodzi sunakhomeke, ndiye linagwa ngati mtengo wodulidwa. Mu Disembala 2018 pampu ya timapiko inaima, thunthu n'kuyamba kuzungulira. Linagwera m'madzi pafupi ndi gombe, chifukwa njira yake amaikonza dala kuti iziloza m'nyanja kufikira kompyuta itakhutira kuti zonse zili bwino.

Nanga ndalama zimapulumuka pati? Ambiri amaganiza kuti chodula pa roketi ndi mafuta, koma ayi. Kwa zaka zingapo mtengo wa ulendo umodzi wa Falcon 9 unali madola pafupifupi 62 miliyoni, pamene mafuta ake sankafika ngakhale miliyoni imodzi. Ndalama zili m'chitsulo: Elon Musk, mkulu wa kampaniyi, ananenapo kuti thunthu lokha limadya pafupifupi 60 peresenti ya mtengo wa ulendo. Likauluka kamodzi, ulendo umodziwo ndiwo umasenza mtengo wonse wolipangira. Likauluka kakhumi, mtengowo umagawika pakhumi, n'kungowonjezerapo zolikonza ndi zolitengera kunyanja. Thunthu logwiritsidwa kale ntchito linaulukanso koyamba pa 30 Malichi 2017, ndipo lero ena apitirira maulendo 20.

Kubwerera kuli ndi mtengo wakenso. Mafuta osungira potera sangakankhe katundu: roketi imene ingasenze matani 22.8 thunthu likatayidwa imasenza pafupifupi 17.5 likamatera. N'chifukwa chake maulendo olemera amatera pa chombo chodikira m'nyanja, makilomita ngati 600 kuchokera kugombe, popeza kubwerera kumtunda kumadya mafuta ochuluka.

Komanso kutera kokha sikutsitsa mtengo. Chombo cha NASA cha Space Shuttle chinauluka maulendo 135 kuyambira 1981 mpaka 2011, ndipo nacho chinkabwerera, koma kuchikonza kunkatenga miyezi ndi antchito zikwizikwi, moti ulendo uliwonse unkadula zedi. Thunthu la Falcon 9 limayenderedwa n'kubwerera pa ntchito m'masabata ochepa. Ineyo ndimaona kuti wodyerera kwambiri pano ndi SpaceX yomwe, poulutsa masetilaiti ake a Starlink. Makasitomala akunja sanatsitsiridwe mofanana, ndipo mu 2022 mtengo wolengezedwa unakwera kufika pa madola 67 miliyoni. Chigawo chapamwamba nacho chimatayidwabe pa ulendo uliwonse.