Logarithimu: kufunsa za mapawa chobwerera

Wophunzira wa Fomu 3 mukamufunsa kuti 2⁵ ndi zingati, sachedwa kuyankha. Amachulukitsa 2 × 2 × 2 × 2 × 2 n'kupeza 32. Nambala yam'munsiyo, 2, ndi besi, ndipo kanambala kapamwambako, 5, ndi pawa. Tsopano tembenuzani funsolo: ndili ndi besi 2, ndikufuna kufika pa 32, pawa yake ikhale chiyani? Yankho ndi 5, ndipo yankho limenelo ndiye logarithimu. Timalemba kuti log₂ 32 = 5.

Choncho 2⁵ = 32 ndi log₂ 32 = 5 ndi nkhani imodzi, monga momwe kunena kuti uyu ndi mayi wa uyo kuliri chimodzimodzi ndi kunena kuti uyo ndi mwana wa uyu. Ndi chifukwa chake log₁₀ 1000 = 3, popeza 10³ = 1000. Komanso logarithimu ya 1 ndi 0 pa besi iliyonse, popeza besi ikakhala ndi pawa 0 imabala 1.

Vuto limabwera nambala ikapanda kugwera ndendende pa pawa yathunthu. Titenge log₂ 50. Musanagwire kakyuleta, yambani mwaunika malire: 2⁵ ndi 32, 2⁶ ndi 64, ndiye yankho lili pakati pa 5 ndi 6. Sitepe imeneyi ambiri amailumpha, koma kwa ine ndi imene imapulumutsa malikisi ambiri.

Makakyuleta ambiri ali ndi mabatani awiri okha a logarithimu: log, wa besi 10, ndi ln, wa besi e, nambala ya pafupifupi 2.718. Kutchuka kwa besi 10 kudayamba kale. John Napier wa ku Scotland atafalitsa malogarithimu mu 1614, Henry Briggs wa ku England ndi amene adakonza matebulo a besi 10, oti anthu azichulukitsira nambala zikuluzikulu pongophatikiza. Tsono ife tili ndi funso la besi 2 koma chida chathu chimadziwa besi 10. Mpofunika kusintha besi.

Tinene kuti yankho lathu ndi x, kutanthauza kuti 2ˣ = 50. Kakyuleta ikutiuza kuti log 2 = 0.3010 ndipo log 50 = 1.6990. Kumbukirani zimene manambalawa akunena: 2 ndi 10 wokhala ndi pawa 0.3010, pamene 50 ndi 10 wokhala ndi pawa 1.6990. Nthawi iliyonse tikachulukitsa ndi 2, pawa ya 10 imakwera ndi 0.3010. Funso latsala n'loti, ma 0.3010 angati amene akwane 1.6990? Kumeneku ndi kugawa basi:

x = log 50 ÷ log 2 = 1.6990 ÷ 0.3010 ≈ 5.64

Yankho lagweradi pakati pa 5 ndi 6. Lamulo limene lili m'mabuku, logₐ N = log N ÷ log a, ndi zomwezi tangochitazi. Mukagwiritsa ntchito ln mupezanso chimodzimodzi: 3.9120 ÷ 0.6931 ≈ 5.64. Besi yodzerapo ingakhale iliyonse, malinga ikhale imodzi pamwamba ndi pansi. Kusakaniza log ndi ln m'samu imodzi kumawononga zonse.

Wina angadabwe kuti 50 ili pafupi kwambiri ndi 48, yomwe ndi pakatikati pa 32 ndi 64, nanga yankho latalikiranji ndi 5.5? Mapawa sakwera mofanana. Kuchoka pa pawa 5 kufika pa 5.5 timachulukitsa 32 ndi √2, pafupifupi 1.414, n'kupeza 45.25 yokha. Kuti tifike pa 50 pawa iyenera kupitirirako ndithu.

Zolakwa ziwiri zimabwerabwera pamayeso. China ndi kutembenuza, kugawa log 2 ndi log 50, zimene zimabala 0.177. Chinacho n'chobisika: kuyesa kuti log 50 ÷ log 2 ndi chimodzimodzi ndi log (50 ÷ 2). Ayi ndithu. Chachiwiricho ndi log 25, yomwe ndi 1.398, ndipo chimachokera ku lamulo lina, la kuchotsera malogarithimu. Amene adaunika malire poyamba aona msanga kuti 0.177 kapena 1.398 sizili pakati pa 5 ndi 6. Kuti mutsimikize, bwererani ku mapawa: dinani 2 ndi pawa 5.64, mupeza 49.87. Kakusiyanako kabwera chifukwa tidadula manambala. Ndi 5.644 mufika pa 50.00.

Kakyuleta ikakana log ya 0 kapena ya nambala yochepera 0, siinawonongeke. Palibe pawa imene ingatsitse 2 kapena 10 kufika pa 0, ngakhale kupyola pamenepo: 2⁻³ ndi ⅛, yaying'ono koma ikadali pamwamba pa 0. Besi 1 nayo siiloledwa, chifukwa 1 amakhalabe 1 pa pawa iliyonse, ndipo mukaiika m'lamulo lija mupezeka mukugawa ndi log 1, yomwe ndi 0.