Batire ili ndi mavoti, nanga mphamvu yathawira kuti?

Amene anayesapo kuliza galimoto usiku nyali zikuyaka anaona kuti akangopotoza kiyi, nyalizo zimazirala kwa kamphindi. Batire ndi yomweyo, ndipo mukaiyeza ndi mita isanalumikizidwe ku chilichonse imaonetsa mavoti 12 ndi kakapitirira. Koma sitata ikayamba kukoka moto wambiri, mavoti aja amatsika. Chimachitika n'choti gwero lililonse la magetsi lili ndi chopinga m'kati mwake chimene chimadya gawo la mphamvu isanatuluke. Amisiri amachitcha rezisitansi, ndipo amachiyeza m'maomu.

M'chaka cha 1883, Léon Charles Thévenin, injiniya wa telegalafu ku France, anasonyeza mfundo imene imapeputsa ntchito kwambiri. Hermann von Helmholtz wa ku Germany anali ataifotokoza kale mu 1853, koma dzina limene linamera mizu ndi la Thévenin. Mfundo yake ndi iyi: seketi ya mabatire ndi marezisita, kaya ikhale yopiringizika chotani, mukaima pa mawaya awiri pamene pakutulukira moto, imachita ngati batire imodzi yokhala ndi rezisita imodzi kutsogolo kwake. Chimene mwalumikiza pa mawaya awiriwo, kaya ndi babu kapena kachipangizo kotenthetsera, amisiri amachitcha lodi. Lodiyo sidziwa za m'katimo. Imangoona mavoti angapo ndi maomu angapo, basi.

Tiyeni tiyike zinthu patebulo. Tili ndi batire ya mavoti 12, imene tiitenge ngati ilibe chopinga chake. Kuchokera ku mutu wake wa pulasi pali rezisita ya maomu 6, kenako ina ya maomu 12 yobwerera ku mutu wa mainasi. Lodi yathu tidzailumikiza mbali ziwiri za rezisita ya maomu 12 ija.

Choyamba, lodiyo ichotseni n'kuyeza mavoti pa malo pamene inali. Marezisita awiriwo pamodzi ndi maomu 18, ndipo amagawana mavoti 12 malinga ndi kukula kwawo. Ya maomu 12 ikutenga magawo awiri mwa atatu, omwe ndi mavoti 8. Amenewa ndiwo mavoti a Thévenin.

Chachiwiri, tipeze chopinga chimene lodi ikuchiona. Papepala, osati patebulo, fufutani batire ija n'kujambulapo waya wamba. Mukasuzumira kuchokera pa malo a lodi, muona kuti marezisita awiri aja tsopano agwirana mitu yonse iwiri, ngati misewu iwiri yopita kumudzi umodzi. Zikatero timachulukitsa 6 ndi 12, n'kugawa ndi 18, ndipo yankho ndi maomu 4. Choncho seketi yonse ija yasanduka batire ya mavoti 8 yokhala ndi rezisita ya maomu 4.

Nanga ngati bokosi n'lomata, zam'kati simungazione? Mita yokha ikwanira. Mwayeza kale mavoti 8 popanda lodi. Tsopano lumikizani rezisita imene mukuidziwa, tinene ya maomu 12, n'kuyezanso. Mita ionetsa mavoti 6. Ndiye kuti mavoti 2 atsalira m'kati. Ngati mavoti 6 akugwera pa maomu 12, mavoti 2 akugwera pa maomu 4. Masamu ake amalembedwa chonchi:

Rth = RL × (Voc − VL) / VL

Apa Voc ndi mavoti a popanda lodi, VL ndi a lodi italumikizidwa, ndipo RL ndi maomu a lodiyo. Mabuku ena amaphunzitsa kugundanitsa mawaya awiriwo n'kuyeza karenti imene idutse. Pa batire ya galimoto musayerekeze. Chopinga chake n'chochepa zedi, kachigawo kakang'ono ka omu imodzi, moti pangadutse maampu mazanamazana, waya n'kufiira, mita n'kupsa, ndipo batireyo ikhoza kuphulika.

Tsopano tafika pa funso lenileni: ndi lodi ya maomu angati imene ingakoke mphamvu yochuluka kuposa zonse m'bokosi lathuli? Ambiri amaganiza kuti yaing'ono, poti imalola karenti yambiri. Tiyese. Lodi ya omu imodzi ikoka maampu 1.6, koma mavoti pa iyo agwa mpaka 1.6. Mphamvu ndi mavoti kuchulukitsa ndi maampu, choncho tapeza mawati 2.56 okha. Tikapita mbali inayo n'kuyika maomu 16, mavoti akwera kufika pa 6.4, koma karenti yatsala maampu 0.4, ndipo mawati ndi 2.56 omwe aja. Uku mavoti alipo koma karenti palibe, uko karenti ilipo koma mavoti athawa.

Ikani tsopano maomu 4, ofanana ndi chopinga cha m'kati. Karenti ndi ampu imodzi, mavoti pa lodi ndi 4, mphamvu ndi mawati 4. Palibe lodi ina imene ingapose apa. Lamuloli limadziwika ndi dzina la Moritz von Jacobi, amene analifotokoza cha m'ma 1840: mphamvu imafika pachimake lodi ikalingana ndi chopinga cha gwero. Chizindikiro chake n'chosavuta kuona pa mita, chifukwa mavoti amatsika kufika pa theka la amene analipo popanda lodi.

Chimene chimandisangalatsa n'choti nsonga imeneyi si yosongoka. Lodi ya maomu 2 imapereka mawati pafupifupi 3.6, ndipo ya maomu 8 imapereka chimodzimodzi. Mukaphonya ndi theka kapena kuwirikiza kawiri, mwataya gawo limodzi lokha mwa magawo 9. Palibe chifukwa chozungulira msika wonse kufunafuna rezisita yolingana ndendende.

Koma lamuloli lili ndi mtengo wake. Pa nsonga paja, chopinga cha m'kati chimadya mphamvu yofanana ndi imene lodi ikulandira, ndiye kuti theka limangosanduka kutentha. M'seketi yathu yeniyeni zinthu n'zoipirapo. Batire ya mavoti 12 ija ikutulutsa maampu 1.33, omwe ndi mawati 16, pamene lodi ikulandira 4 okha. Chithunzi cha Thévenin chimanena zoona pa zimene lodi ikuona, koma sichinena zonse zimene zikutayika m'bokosi. N'chifukwa chake magetsi a m'nyumba sawakonza motsatira lamuloli. Kumeneko amafuna kuti chopinga cha mawaya ndi mathiransifoma chichepe kwambiri. Kumene limagwira ntchito ndi kumene mphamvu ndi yochepa ndipo kadontho kalikonse n'kofunika, monga pa eriyo. Zipangizo zambiri zoulutsira mawu zimapangidwa pa maomu 50, ndipo waya wa eriyo ya kanema ndi wa maomu 75.

Cholakwika chimene ophunzira amagweramo kawirikawiri ndi kutembenuza lamuloli. Limanena za kusankha lodi pamene gwero silingasinthidwe. Ngati lodi ndi imene ili yokhazikika, monga sipika ya maomu 8, musawonjezere rezisita ku gwero kuti zilingane, mungochepetsa mphamvu. Pamenepo chopinga cha gwero chikachepa m'pamene sipika imalandira zambiri. Dziwaninso kuti masamuwa amafuna chopinga chosasinthasintha. Panelo ya sola sichita choncho, ndipo malo ake a mphamvu yochuluka amasuntha ndi dzuwa ndi kutentha, n'chifukwa chake makontolola olembedwa MPPT amawasakasaka tsiku lonse.

Tsiku lina batire ikadzaonetsa mavoti abwino koma ikulephera ntchito, mudzaiyezenso lodi ili yolumikizidwa. Kusiyana kwa manambala awiriwo kudzakuuzani kukula kwa chopinga cha m'kati mwake.