Kufufuta apu pafoni sikuthetsa mgwirizano

Mu Januwale 2021, WhatsApp idauza anthu kuti avomereze malamulo ake atsopano pofika pa 8 Febuluwale. Anthu adakwiya poopa kuti zinsinsi zawo ziyamba kupita ku Facebook, mpaka kampaniyo idakankhira tsikulo pa 15 Meyi. Komatu kugawanako kudayamba kalekale mu 2016, ndipo kudalembedwa m'zikalata zomwe ambiri adangodina Agree osaziwerenga.

Zikalatazi n'zazitali, ndipo simufunikira kuziwerenga zonse. Zimakhala ziwiri: Terms of Service ndi Privacy Policy. Nkhani ya komwe zinthu zanu zimapita imakhala m'chachiwiricho. Chitseguleni mu Chrome, dinani timadontho titatu tapamwamba, sankhani Find in page, kenako lembani `share`, `third` kapena `affiliates`. Foni idzakulumphitsani kukafika paliponse pomwe pali mawuwo.

M'chikalata cha WhatsApp mudzapeza mutu wakuti How We Work With Other Meta Companies. Mauthenga omwe mumalemberana ndi abale anu ndi okhomedwa, kampaniyo siingawawerenge. Zomwe ingapatse makampani anzake a Meta ndi monga nambala yanu, mtundu wa foni yanu ndi momwe mumagwiritsira ntchito apuyo. Pa apu iliyonse funsani zinthu ziwiri: akupatsa ndani, ndipo kuti achite nazo chiyani? Kampani yomwe imangoti imagawana ndi `partners`, osanena kuti ndi otani, yadzisiyira khomo lotsegula, ndipo ine sindingailole kuona manambala a anthu a m'foni mwanga.

Za kusiya zimakhala mu Terms of Service. Fufuzani `cancel`, `renew` ndi `delete`. Tiyerekeze kuti mwalembetsa apu yophunzitsa chinenero kudzera mu Google Play, yaulere kwa masiku 7. Tsiku lachitatu mwatopa nayo, mwaifufuta pafoni. Masiku aulere akatha, ndalama idulidwa pa khadi lanu, ndipo izidulidwa mwezi ndi mwezi, chifukwa chikalata chidati `automatically renews` ndipo inu simudauze aliyense kuti mwasiya. Kusiya kwenikweni n'kulowa mu Play Store, kudina chithunzi chanu, kupita pa Payments & subscriptions, kenako Subscriptions, n'kudina Cancel subscription. Apuyo ikamaonetsabe tsiku lodzalipiranso, ndiye kuti simunamalize. Pa iPhone, Apple imalangiza kusiya maola 24 masiku aulerewo asanathe.

Kuletsa malipiro sikufufuta akaunti. Pa WhatsApp muyenera kupita pa Settings, Account, Delete account, ndipo kampaniyo imanena kuti kufufuta zonse kungatenge masiku 90. Mauthenga omwe mudatumizira anzanu amatsalabe m'mafoni mwawo.