Fayilo ikafufutidwa, linki imatsala ndi chiyani?

Pa makompyuta a Linux, dzina la fayilo limasungidwa padera ndi zimene zalembedwa mkati mwake. Fayilo iliyonse ili ndi kaundula wake wotchedwa ainodi, yemwe amasonyeza mwini wa fayiloyo, kukula kwake ndi pamene zolembedwazo zili pa disiki. Foda imangosunga maina, dzina lililonse pamodzi ndi nambala ya ainodi yake. Mitundu iwiri ya malinki imasiyanira pomwepa.

```
echo mtedza > mbewu.txt
ln mbewu.txt dzina2.txt
ln -s mbewu.txt cholozera.txt
ls -li
```

Mzere wachiwiri ukupanga hadi linki, lomwe ndi dzina lina la ainodi yomwe ija. Palibe chimene chakoperedwa. `ls -li` isonyeza nambala ya ainodi imodzi pa `mbewu.txt` ndi pa `dzina2.txt`, ndipo chiwerengero cha maina chikhala 2. Zili ngati munthu wokhala ndi dzina la kwawo ndi la kusukulu: akamuitana lililonse amavomera ndi yemweyo. Kompyuta sisunga n'komwe kuti dzina loyamba linali liti.

Mzere wachitatu ukupanga simboliki linki. Iyi ndi kafayilo kapadera, ka ainodi yakeyake, ndipo mkati mwake muli zilembo 9 zokha: `mbewu.txt`. Munthu akakatsekula, kompyuta imawerenga dzinalo n'kupita kukalifufuza.

Lamulo la `rm mbewu.txt` limachotsa dzina m'foda, chiwerengero chija n'kutsika kufika pa 1. Zolembedwa sizikhudzidwa, choncho `cat dzina2.txt` isonyezabe mawu oti mtedza. Malo a pa disiki amamasulidwa pokhapokha chiwerengerocho chikafika pa 0, komanso pasakhale pulogalamu imene ikugwiritsabe ntchito fayiloyo.

Simboliki linki imatsalabe m'foda, koma ikuloza dzina lomwe kulibenso. `cat cholozera.txt` iyankha kuti `No such file or directory`, yankho limene limasokoneza anthu chifukwa linkiyo ikuoneka pamndandanda. Kusintha dzina la fayilo kapena kuisamutsira ku foda ina kumabweretsanso vuto lomweli. Lamulo la `find . -xtype l` limatchula malinki onse oduka motere.

Chofunika kusamala nacho ndi fayilo yatsopano ikapatsidwa dzina lakale lija. Simboliki linki imayamba kuloza yatsopanoyo mosachenjeza, pamene `dzina2.txt` imakhalabe ndi zolembedwa zakale, popeza fayilo yatsopanoyo ili ndi ainodi ina.

Hadi linki ili ndi malire ake. Siwoloka kuchoka pa chigawo china cha disiki kupita pa china, chifukwa chigawo chilichonse chimawerenga maainodi pachokha, ndipo Linux sailola pa mafoda. Simboliki linki imatha zonse ziwirizi. Komanso hadi linki si kope losungira chitetezo: wina akafufuta mawu mkati mwa fayiloyo kudzera pa dzina limodzi, mawuwo atha pa maina onse awiri.