Omepurazolo: Kumwa Kwake Kuli Ndi Malire, Kusiya Kwake Kuli Ndi Njira

Anthu ambiri amene amamwa omepurazolo kwa miyezi amanena mawu ofanana: "Ndikangosiya masiku atatu, chilungulira chimabwerera ngati kale." Akatero amatsimikiza kuti maalasazi awo sadzapola, ndipo amabwerera ku famase kukagula makapisozi ena. Nthawi zina matenda amakhala alipodi. Koma nthawi zambiri chimene chikuwotcha pachifuwacho chimachokera ku kusiya kwadzidzidzi, ndipo chimatha chokha munthu akasiya mwanjira yake.

Omepurazolo adayamba kugulitsidwa ku Ulaya mu 1988, atapangidwa ndi kampani ya Astra ya ku Sweden. Pambuyo pake padabwera anzake monga lansopurazolo, pantopurazolo ndi esomepurazolo, ndipo onsewa madokotala amawatchula mwachidule kuti ma PPI. Ntchito yawo ndi imodzi. M'khoma la chifu muli maselo okhala ndi timapampu timene timathira asidi m'mimba chakudya chikafika. Mankhwalawa amadutsa m'chifu osasungunuka, amalowa m'magazi kudzera m'matumbo, kenako amakafika ku maselo aja ndi kumamatira pa timapamputo mpaka kalekale. Kapampu kogwidwa sikadzagwiranso ntchito, ndipo thupi limayenera kupanga kena. N'chifukwa chake mankhwala amene amatha m'magazi pa maola ochepa amachepetsa asidi kwa tsiku lathunthu.

Pali mfundo imodzi pano imene ambiri sauzidwa. Mankhwalawa amagwira timapampu timene tikugwira ntchito pa nthawiyo basi, ndipo chimene chimatidzutsa ndi chakudya. Kotero kapisozi amwedwe mphindi 30 mpaka 60 musanadye chakudya cham'mawa, kuti chakudya chikamalowa, mankhwala akhale afika kale m'magazi. Amezedwe wathunthu, osatafuna, chifukwa timibulu tam'katimo tidakutidwa kuti asidi asatiwononge. Ndipo popeza tsiku loyamba si timapampu tonse timene timagwidwa, mphamvu yake imakwanira pakatha masiku atatu kapena asanu. Amene amameza omepurazolo usiku chilungulira chitayamba kale, n'kumadikira kuti chizizire pompo, akumufunsa ntchito imene si yake. Imeneyo ndi ntchito ya mapiritsi otafuna aja a maginiziyamu.

Akamwedwa moyenera, mankhwalawa ndi amphamvu ndithu. Mlingo wa munthu wamkulu kawirikawiri ndi mamiligalamu 20 kamodzi pa tsiku. Chilonda cha kumayambiriro kwa matumbo chimapola pa masabata anayi, cha m'chifu chimatha kufuna asanu ndi atatu, ndipo chilungulira chobwerezabwereza chimapatsidwa nthawi yofananayo. Masabata amenewa ndiwo malire a anthu ambiri. Chilonda chikamabwerera, pali chimene chikuchiyambitsa, ndipo zodziwika kwambiri ndi ziwiri. China ndi mankhwala a ululu monga bufeni, dayikulofenaki, indosidi ndi asipirini. China ndi kachilombo ka Helikobakita kamene kamakhala m'chifu, kamene omepurazolo payekha sakapha. Kamafuna omepurazolo kawiri pa tsiku pamodzi ndi maantibayotiki awiri, monga amokisilini ndi metironidazolo kapena kularithiromaisini, kwa masiku 7 mpaka 14. Wofuna kuyezetsa kachilomboka m'chimbudzi asiye omepurazolo masabata awiri asanayezetse, apo ayi zotsatira zingaonetse kuti kalibe pamene kalipo.

Chimene chimandidetsa nkhawa kuposa zonse ndi chakuti mankhwalawa amatha kuphimba matenda aakulu. Malawi ndi limodzi mwa mayiko amene khansa ya kummero ndi yochuluka kwambiri padziko lonse. Munthu amene nsima yayamba kumuima pakhosi, amene akuwonda osadziwa chifukwa, akusanza magazi, kapena akuchita chimbudzi chakuda bii, asawonjezere makapisozi. Apite kuchipatala, akamuone m'kati ndi kachipangizo kolowetsa kukhosi.

Nanga kumwa kwa zaka? Asidi si mdani chabe. Amapha tizilombo tolowa ndi chakudya, kotero akachepa, matenda otsegula m'mimba amagwira munthu mosavuta. Amathandizanso thupi kutenga vitamini B12 ndi ayironi m'zakudya, ndipo pakapita zaka ena amachepa magazi kapena kumva dzanzi kumapazi. Bungwe loona za mankhwala ku America, la FDA, lidachenjeza mu 2010 za kuthyoka kwa mafupa a m'chiuno, msana ndi dzanja, makamaka mwa omwa mlingo waukulu kwa chaka kapena kuposa, ndipo mu 2011 lidachenjezanso za kuchepa kwa maginiziyamu m'magazi, kumene kumaonekera mwa kukokana kwa minofu ndi kugunda kosalongosoka kwa mtima. Mwa anthu ochepa impso zimatupa. Ndinene mosabisa kuti kwa munthu mmodzi chiopsezo cha chilichonse mwa izi ndi chaching'ono, ndipo zina mwa izo zidangoonedwa zikuyendera limodzi ndi mankhwalawa popanda umboni wathunthu wakuti iwo ndiwo amayambitsa. Kwa amene akuwafunadi, phindu limaposa. Kwa amene chilonda chake chidapola kalekale, chiopsezocho chikusenzedwa pachabe.

Tsono n'chifukwa chiyani kusiya kumavuta? Asidi akachepa kwa nthawi yaitali, thupi limachulukitsa homoni yotchedwa gasitirini, imene imalamula chifu kupanga asidi. Mankhwala akachotsedwa mwadzidzidzi, timapampu tatsopano timapeza lamulo lija lili lamphamvu, ndipo asidi amatuluka wochuluka kuposa kale. Kafukufuku wa ku Denmark wofalitsidwa mu 2009 adaonetsa izi poyera. Anthu 120 athanzi adagawidwa pawiri, ena n'kupatsidwa esomepurazolo kwa masabata asanu ndi atatu, ena mapiritsi opanda mankhwala. Atasiya, 44 mwa 100 alionse a gulu loyamba adamva chilungulira kapena kupweteka kwa m'mimba, pamene a gulu linalo anali 15 mwa 100. Awa anali anthu amene poyamba analibe vuto lililonse.

Tiyerekeze mayi wa zaka 50 amene wakhala akumwa mamiligalamu 20 m'mawa ndi madzulo kwa zaka ziwiri, chiyambireni pamene adapatsidwa chifukwa cha chilungulira. Dokotala ayambe wafunsa ngati mayiyo adatayapo magazi m'mimba, ngati akumwa asipirini kapena bufeni, ndi ngati pali zizindikiro zoopsa zija. Ngati palibe, mayi achotse kapisozi wa madzulo, atsale ndi wam'mawa kwa masabata awiri mpaka anayi. Kenako atsikire pa mamiligalamu 10, kapena ngati wotereyu sakupezeka, azimwa wa 20 podumphitsa tsiku kwa masabata ena awiri, n'kusiya. Chilungulira chikabwera m'masabata oyamba, asadabwe. Atafune piritsi la maginiziyamu, adye chakudya chamadzulo maola atatu asanagone, ndipo akweze miyendo ya kumutu kwa bedi. Kawirikawiri kuwotchako kumachepa pakatha masabata awiri kapena anayi. Kukapitirira miyezi iwiri, kapena kukamakula, abwerere kwa dokotala, mwina matenda akadalipo, ndipo angagwirizane zomamwa mlingo wochepa kapena kumwa masiku ovuta okha.

Pali ena amene asayese n'komwe kusiya okha: amene chilonda chidawatayitsapo magazi ndipo akumwabe asipirini kapena mankhwala a nyamakazi, ndi amene dokotala adawapeza ndi kummero konyuka kwambiri kapena kosintha khungu chifukwa cha asidi. Omwa ma ARV nawonso auze adokotala awo zonse zimene akumwa. Atazanaviri amafuna asidi kuti alowe m'thupi, kotero omepurazolo amamufooketsa kwambiri. Dolutegiraviri sasokonezedwa ndi omepurazolo, koma amasokonezedwa ndi mapiritsi otafuna a maginiziyamu aja, choncho amwedwe maola awiri musanatafune piritsilo, kapena maola asanu ndi limodzi mutatafuna.